Dzina ndi chizindikiro cha ufa wathu wa phala: zolemba za ntchito ku Mzuzu

Sabata 1

Chomwe tikugulitsa ndi ufa wa phala wa chimanga ndi soya wokazinga, magawo 4 a chimanga pa gawo limodzi la soya. Chigayo ndi chipinda chopakiramo zili ku Luwinga. Mapaketi alipo a mitundu iwiri: ya kilogalamu 1 yopita m'mashopu a m'tauni muno, ndi ya magalamu 250 yopita m'magolosale ndi maokala a ku Ekwendeni, Enukweni, Bwengu ndi Mpamba. Dzina la kampani lilipo kale pa kalata, koma ndi lalitali ndipo palibe amene angaliitanitse pa kauntala. Chomwe tikufunafuna ndi dzina la paketi ndi chizindikiro chake.

Tisanalembe dzina ngakhale limodzi tagwirizana za njira yomwe dzinalo liziyenda. M'tauni wogula amadzitengera yekha paketi pa shelefu, nkuiwerenga ali nayo m'manja. Kumudzi sizitero. Katundu amakhala kuseri kwa kauntala, nthawi zina kuseri kwa waya, m'kanyumba kopanda magetsi, ndipo wobwera kudzagula kawirikawiri ndi mwana wotumidwa ndi mayi ake. Ndiye kuti dzinalo lidutsa pakamwa katatu, kwa mayi, kwa mwana ndi kwa mwini golosale, paketi isanaoneke nkomwe. Chizindikiro nacho sichizisindikizidwa ndi makina okha. Chizijambulidwa pa khoma ndi munthu wa bulashi, chizipopedwa pa thumba, chizidindidwa pa risiti. Choncho chilichonse tisankhe chiziyesedwa poyamba pa malo ovutawo. Chopambana mu golosale ya mdima chimapambananso pa shelefu ya m'tauni, koma chokongola pa kompyuta sichilonjeza kanthu ku Bwengu.

Malire omwe tadziikira ndi awa: dzina lisapitirire maphatikizo 3, likhale ndi tanthauzo limodzi m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, ndipo lisakhale ndi chilembo chomwe anthu amalemba mosiyanasiyana.

Sabata 2

Tinalemba mayina 31 pa pepala lalikulu, ndipo ambiri anagwa tsiku lomwelo titakhala pansi ndi anthu 4 olankhula Chitumbuka chakwawo, awiri a ku Mzimba ndi awiri a ku Rumphi. Apa ndi pomwe nthawi yambiri yapita, ndipo ndi poyenera, chifukwa zilankhulo ziwirizi zimafanana kwambiri moti munthu amayamba kukhulupirira kuti liwu lililonse liwoloka bwinobwino.

Liwu loyamba kugwa linali "Bala". M'Chitumbuka bala ndiye phala, ndipo anzathu a ku Rumphi analikonda chifukwa ndi lalifupi komanso lakwawo. Koma kwa munthu wa Chichewa bala ndi chilonda. Paketi ya chakudya cha ana yolembedwa BALA ndi zilembo zikuluzikulu singaime pa shelefu ku Katoto, komwe Achewa, Ayao ndi Alomwe obwera ku ntchito ndi ambiri. "Kukaya" nalo linagwa m'njira yomweyo. Kwa Mtumbuka ndi kumudzi kwawo, mawu otenthetsa mtima. Mchewa akalimva khutu lake limagwira "kaya" wokayikira uja, ndipo mmodzi wa ife atangolitchula wina anayankha pomwepo kuti, "Kaya ndi labwino, kaya ayi." Dzina lomwe nthabwala yake yabwera msanga chotere ndiye kuti pa msika lizisekedwa tsiku lililonse.

"Ngoma", lomwe ndi chimanga m'Chitumbuka, lili ndi vuto la kalembedwe. Likusiyana ndi ng'oma yoimba ndi kachizindikiro kamodzi kokha, ndipo ojambula pa khoma amakaika kapena kukasiya monga afunira. "Nkhongono" ndi mphamvu ndithu, ndipo Achewa amalidziwa pa mawu oti kulefuka nkhongono, koma ndi lolemera pakamwa pa mwana wa zaka 6, komanso pa anthu 5 omwe tinawapempha kuti alilembe panatuluka kalembedwe ka mitundu 3. Tachotsanso mawu onse okhala ndi ŵ, chifukwa pa foni anthu salemba kadenga kaja ndipo zilembo zambiri za pa kompyuta zilibe. Mawu okhala ndi l kapena r pakati tawaika pansi pa mndandanda, poti kuno wina alemba "kulya" wina "kurya", ndipo paketi singakhale ndi mayina awiri.

Panalinso gulu la mayina abwino m'zilankhulo zonse koma otha ntchito: "Umoyo" ndi "Chimwemwe". Yendani kuchokera ku msika waukulu mpaka ku Chibavi muwerenge zikwangwani, mupeza mayinawa pa magolosale, pa malo ometera, pa mashopu a mankhwala. Dzina lotere silisiyanitsa katundu wanu ndi wa wina, ndipo "Umoyo" pa chakudya limamveka ngati tikulonjeza kuchiritsa, zomwe ufa wa phala suchita.

Atsala 3: Tikule, Nyenyezi ndi Takhuta.

Sabata 3 ndi 4

Mayina atatuwa tawayesa pa anthu 40, anthu 8 pa malo alionse: Katoto, Chibavi, msika wa Ekwendeni, Enukweni ndi Mpamba. Pa malo alionse tinaonetsetsa kuti pali amayi a ana aang'ono osachepera 4, mwini golosale mmodzi ndi agogo mmodzi. Sitinafunse kuti "mwalikonda liti?" Funso limenelo silithandiza, chifukwa munthu waulemu amayang'ana nkhope ya wofunsa nkusankha lomwe akuganiza kuti limusangalatsa. Tinachita mayeso atatu osafuna maganizo a munthu.

Oyamba ndi a kukumbukira. Timatchula mayina onse atatu kamodzi, osaonetsa pepala, kenako timacheza za mitengo ya soya ndi za mvula kwa mphindi 10, ndiye timafunsa kuti mayina aja anali ati. Dongosolo la katchulidwe timalisintha kwa munthu aliyense, chifukwa dzina lomaliza kutchulidwa limakhalitsa m'mutu. Takhuta analikumbukira anthu 33, Nyenyezi 29, Tikule 21. Ambiri mwa omwe anaphonya Tikule ananena "Tigule" kapena "Tikondane".

Achiwiri ndi funso limodzi: mutamva dzinali pa wayilesi, mungaganize kuti akugulitsa chiyani? Nyenyezi linathera apa. Anthu anati ndi nyali za sola, sopo, sukulu ya mkaka kapena kwaya ya ku tchalitchi, ndipo 3 okha anatchula chakudya. Pa Tikule panatuluka chinthu chomwe sitinachiyembekezere. Ku Enukweni ndi ku Mpamba anthu 11 mwa 16 anati limenelo ndi bungwe, kapena gulu la banki mkhonde. Mayi wina anafunsa kuti, "Ndiye achimwene, kalembera wake ayamba liti?" Chifukwa chake nchodziwika mukangochiona. Mayina oyamba ndi Ti-, monga Tiyanjane ndi Tikondane, kumudzi ndi a magulu ndi a ntchito za chitukuko, ndipo phala la soya anthu ambiri analidziwira ku sikelo ya ana ndi ku sukulu, komwe limaperekedwa kwaulere. Mukaphatikiza dzina lotere ndi ufa wotere, mwini golosale azivutika kufotokoza chifukwa chomwe akulipiritsa. Tikule talisiya pa chifukwa chimenechi. Pa Takhuta anthu 38 anatchula chakudya.

Achitatu ndi a mwana wotumidwa. Tinagwirizana ndi eni magolosale awiri ku Ekwendeni, makolo atavomera, kuti ana 6 a zaka zapakati pa 6 ndi 9 atumidwe kuchokera pa mtunda wa mamita pafupifupi 300 kukanena kuti akufuna phala la Takhuta. Onse 6 anafika nalo dzina lili lathunthu.

Dzinali lili ndi zilema ziwiri, ndipo tikuzilemba kuti zisadzaiwalike. Choyamba, mwa anthu 28 omwe analemba dzinali atalimva, 9 analemba "Takuta", osaika h. Izi sizipweteka pa kauntala, koma zipweteka pofufuza pa foni ndi pojambula zikwangwani, choncho wojambula aliyense azipatsidwa pepala, asamangouzidwa pakamwa. Chachiwiri ndi chozama. "Ndakhuta" ndi mawu omwe munthu amakanira nawo chakudya mwaulemu, ndipo agogo ena ku Chibavi anati dzinali likumveka ngati la anthu okana phala. Tinakambirana kwa nthawi yaitali. Tapitiriza nalo chifukwa anthu awiri okha mwa 40 ndiwo analimva chotero, ndipo ena onse anamva ana atadya nkukhuta. Komabe zatiuza kuti chithunzi chotsagana ndi dzinali chisakhale mbale yopanda kanthu.

Sabata 5

Ntchito ya mapepala. Pali zinthu ziwiri zomwe anthu amazisokoneza. Kulembetsa dzina la bizinesi, pansi pa lamulo la kalembera wa mabizinesi la 2012, kumakulolani kuchita malonda m'dzinalo. Sikuletsa wina kulemba liwu lomwelo pa paketi yake. Chomwe chimateteza dzina la pa paketi ndi kulilembetsa ngati chizindikiro cha malonda, pansi pa lamulo la 2018, ndipo chitetezo chake ndi cha zaka 10 zomwe zimawonjezeredwa zikatha. Katundu ndi ntchito zimagawidwa m'magulu 45, ndipo ufa ndi zakudya zochokera ku mbewu zili m'gulu 30. Tapempha a ku ofesi yolembetsa zizindikiro za malonda kuti afufuze ngati pali dzina lofanana nalo m'gulu limenelo. Liwu loti "phala" sitikulilembetsa, chifukwa ndi dzina la chakudyacho ndipo ndi la aliyense.

Mpaka yankho litabwera sitisindikiza zambiri. Zonse zili m'munsimu ndi zoyeserera pa mapaketi ochepa ndi makoma awiri.

Sabata 6 ndi 7

Chithunzi chili ndi ntchito imodzi: kuti munthu wosawerenga athe kuloza nkunena ndi liwu limodzi kuti, "Ndipatseni la chakuti lija." Ngati chithunzicho sichitchulika ndi liwu limodzi, chalephera. Pa chifukwa chimenechi zojambula zonse zokhotakhota, zomwe wojambula wa pa kompyuta anabweretsa poyamba, tazibweza. Zinali zooneka bwino, koma palibe amene anatha kunena kuti ndi chiyani.

Zinthu zotchulika mosavuta zambiri zili kale ndi eni ake m'maganizo a anthu. Chitsononkho cha chimanga chikanakhala choyenera pa ufa wathu, koma chimanga ndi chizindikiro cha DPP. Tambala, woti aimire m'mawa, ndi wa MCP. Manja ogwirana ndi a UDF. Dzuwa lotuluka lili pa mbendera ya dziko, ndipo pali lamulo loteteza mbendera ndi zizindikiro za boma, choncho sitinafune ngakhale kuyandikira. M'tauni wina anganene kuti izi nzazing'ono. Kumudzi, pa nyengo ya kampeni, mwini golosale salola kuti khoma lake lioneke ngati la chipani, chifukwa makasitomala ake ndi a mbali zonse. Nkhope ya khanda lonenepa nayo taikana. Ingachititse amayi kuganiza kuti ufawu ndi woyenera mwana wosakwana miyezi 6, yemwe ayenera kuyamwa bere lokha, ndipo ingathamangitse ana a sukulu ndi akuluakulu omwe ndi theka la msika wathu.

Tasankha bakuli ndi supuni. Kufika pa chojambula chomwe chagwira ntchito kwatenga maulendo anayi, ndipo ulendo uliwonse timaonetsa chithunzi chokha, chopanda dzina, kwa anthu 10 atsopano nkufunsa kuti akuona chiyani.

Choyamba chinali bakuli lokhala ndi timizere titatu tokhotakhota pamwamba, toimira nthunzi. Anthu a m'tauni anati ndi chakudya chotentha. Ku Enukweni anthu 4 mwa 10 anati ndi mphutsi kapena tinjoka tikutuluka m'mbale. Timizere totere ndi chizolowezi cha m'mabuku ndi pa foni, si chinthu chomwe maso amaona pa phala lenileni, ndipo tatichotsa. Chachiwiri chinali bakuli lodzaza mpaka kutumphuka, ndipo anthu 7 anati ndi nsima kapena mpunga. Analondola, phala silitumphuka. Chachitatu tinasalaza pamwamba pake, koma chinaoneka ngati bakuli lopanda kanthu, chinthu chomwe tinagwirizana kale kuti tichipewe. Chachinayi ndicho chapambana: bakuli likuonekera pang'ono kuchokera pamwamba kuti mkati mwake muoneke modzaza, ndi supuni yaikulu itaimikidwa mkatimo mopendekera kumanja. Supuniyo ndiyo yathetsa nkhani, chifukwa nsima sadyera supuni. Anthu 9 mwa 10 anati phala, mmodzi anati tiyi. Ku Ekwendeni ayamba kale kunena kuti "la supuni lija".

Chojambulachi ndi cha mtundu umodzi, chopanda mithunzi. Kamzere kopyapyala kwambiri ndi kachigwiriro ka supuni, ndipo takanenepetsa kufika gawo limodzi mwa magawo 12 a m'lifupi mwa bakuli. Poyamba kanali kowonda theka la pamenepa, ndipo pa chidindo cha masentimita 4 kanangosowa, kusiya bakuli ndi kadontho koyandama pamwamba.

Sabata 8

Mitundu. Buluu, wachikasu, wofiira, wobiriwira ndi wa olenji yonse ili ndi zipani zake, ndipo wofiira ndi wobiriwira ilinso pa makoma ambiri a magolosale chifukwa cha Airtel ndi TNM. Chikwangwani chathu chofiira pafupi ndi khoma la Airtel sichingaoneke. Wofiira ndiwonso umafulumira kusuluka ndi dzuwa, nkusanduka wotuwa ngati pinki.

Tatenga mtundu wa khofi woderako pa zilembo ndi chithunzi, ndi wa kirimu kumbuyo. Chifukwa chachikulu ndi cha m'hadiweya. Mitundu iwiriyi imapezeka m'zitini yosakaniza kale, poti ndi yomwe anthu amapaka zitseko ndi makoma. Mtundu wofuna kusakaniza umatuluka wina ku Bwengu, wina ku Mpamba, chifukwa wojambula aliyense amayesa ndi maso. Pa kompyuta manambala ake ndi awa:

```
khofi:  #4A2C1A
kirimu: #F5E9D0
```

Manambalawa ndi a pa sikirini basi. Kwa wosindikiza ndi kwa wa penti tikupereka kathabwa ka masentimita 10 kopakidwa penti yeniyeniyo, kuti ayerekeze ndi maso panja masana, osati pansi pa babu.

Zilembo ndi za Noto Sans zonenepa kwambiri, zonse zazikulu: TAKHUTA. Ndi zaulere, ndipo zili ndi ŵ yemwe tikumufuna pa malangizo a Chitumbuka kumbuyo kwa paketi. Mpata wa pakati pa T ndi A tauchepetsa ndi dzanja kumayambiriro ndi kumapeto, chifukwa zilembo ziwirizi zikaima pamodzi zimasiya dzenje, dzina nkuoneka ngati T AKHUT A.

Panachitika cholakwika chimodzi chomwe chatidyera masitika 200. Fayilo inatumizidwa kwa wosindikiza zilembo zisanasandutsidwe zojambula. Kompyuta yake inalibe Noto Sans, ndipo inaika zilembo zina zowonda popanda kuchenjeza. Tsopano fayilo isanatuluke, mu pulogalamu yojambulira ya Inkscape timasankha zonse nkudina `Path > Object to Path`, kenako timasunga ngati PDF. Pa WhatsApp timatumiza ngati `Document`, chifukwa ikapita ngati chithunzi imafinyidwa ndipo m'mphepete mwa zilembo mumatuluka manyenje. Ndipo palibe kusindikiza zambiri tisanaone sitika imodzi ndi maso nkuisainira kumbuyo.

Sabata 9

Masitika a paketi ya magalamu 250 ndi a masentimita 9 m'litali ndi 7 m'lifupi. Titawamata pa pulasitiki yoonekera mkati nkuthiramo ufa, sitika inasowa. Ufa wa chimanga ndi soya wokazinga ndi wa kirimu, sitika nayo ya kirimu, ndiye pa mtunda wa mamita 2 mu golosale ya mdima panangooneka zilembo zikuyandama pa thumba lotuwa. Pa pepala loyera la mu ofesi vutoli silikanaoneka. Tinayesa kutembenuza, kumbuyo khofi zilembo kirimu. Zinaoneka bwino, koma inki yochuluka chotere imang'aluka paketi ikapindika, ndipo mapaketi atakhuzana m'thumba pa kabaza kuchokera ku Luwinga kukafika ku depoti anatuluka ndi mizere yoyera. Tabwerera ku kirimu, koma taika mzere wa khofi wonenepa mamilimita 4 kuzungulira sitika yonse. Mzerewu tsopano ndi gawo la chizindikiro, ndipo uzikhalapo ngakhale pa khoma.

Zina ziwiri zomwe taphunzira pa masitika. Osindikizidwa ndi pulinta ya inki yamadzi amasungunuka ndi chinyezi cha kuno, makamaka paketi ikagwiridwa ndi manja onyowa, choncho tikugwiritsa ntchito ya leza yokha. Ndipo sitika imatidwe pa pulasitiki ufa usanathiridwe, m'chipinda china. Fumbi la ufa likangokhala pa pulasitiki guluu sagwira, ndipo ngodya zimayamba kutukuka pakatha masiku awiri kapena atatu.

Kutsogolo kwa paketi kuli zinthu zinayi zokha: bakuli, dzina, mawu oti "Ufa wa phala wa chimanga ndi soya", ndi kulemera kwake. Zosakaniza, kaphikidwe, dzina ndi keyala ya kampani, nambala yosonyeza ulendo womwe ufawo unapangidwa ndi tsiku lothera ntchito zili kumbuyo. Kaphikidwe kali m'Chichewa, Chitumbuka ndi Chingerezi, komanso m'zithunzi: kapu imodzi yodera ya ufa, makapu 4 oyera a madzi. Liwu la "bala" lili mu mzere wa Chitumbuka, m'kati mwa chiganizo, komwe silingasokoneze munthu. Pansi kumanja tasiya malo a masentimita 2 opanda kanthu. Ndi a chizindikiro cha bungwe loona za miyezo la MBS, chomwe sichiikidwa mpaka iwo atayeza katundu nkupereka chilolezo.

Paketi ya m'tauni ya kilogalamu 1 ili ndi nkhope yomweyo, yangokula. Panali ganizo loti ya m'tauni ikhale ndi dzina la Chingerezi ndi maonekedwe apamwamba. Talikana. Anthu a ku Chibavi ndi a ku Enukweni ndi amodzi, amayenderana sabata iliyonse, ndipo wa kumudzi akaona kuti m'tauni muli paketi ina amaganiza kuti iye akugulitsidwa zotsalira.

Sabata 10 ndi 11

Makoma awiri oyeserera, lina ku Ekwendeni m'mbali mwa msewu wa M1, lina ku Mpamba pa msewu wa ku Nkhata Bay.

Kukula kwa zilembo timawerengera chonchi: sentimita imodzi ya msinkhu wa chilembo imawerengeka pa mtunda wa mamita pafupifupi 3 ndi munthu woima. Khoma la ku Ekwendeni lili mamita 30 kuchokera pa msewu, ndiye zilembo zochepetsetsa ndi masentimita 10. Koma wokwera minibasi ali ndi masekondi ochepa, choncho taika masentimita 25. Zilembo 7 za msinkhu umenewu zimatenga masentimita pafupifupi 175, ndipo chikwangwani chonse ndi masentimita 240 m'litali ndi 120 msinkhu, bakuli lili pamwamba pa dzina.

Wojambula sapatsidwa chithunzi pa foni. Amapatsidwa pepala la A4 lomwe chizindikiro chajambulidwa pa timabokosi 24 m'litali ndi 12 msinkhu, kabokosi kalikonse sentimita imodzi. Pa khoma amalemba mabokosi omwewo ndi choko ndi chingwe, lililonse masentimita 10, nkukopera bokosi ndi bokosi. Ku Ekwendeni njirayi inatsatidwa ndipo bakuli latuluka lofanana ndi la pa paketi. Ku Mpamba wojambula anaona kuti mabokosi akumuchedwetsa, anajambula ndi maso, nkuwonjezera maluwa awiri ndi nthunzi ija tinachotsa. Ntchito yake inali yaluso, koma sichinali chizindikiro chathu. Cholakwa chinali chathu, chifukwa sitinamuuze chifukwa chake nthunzi palibe. Pa pepala la malangizo tawonjezera mzere wofotokoza zimenezi, ndipo malipiro tawagawa pawiri: theka mabokosi a choko akaonedwa ndi mmodzi wa ife, theka ntchito ikatha.

Khoma la ku Mpamba linavutanso pa penti. Linali lopakidwa laimu, ndipo penti ya mafuta yopakidwa pamwamba pa laimu imagwira fumbi m'malo mwa khoma. Patatha masiku 9 inayamba kusendeka ngati khungu la mbatata yowiritsa. Kuyesa kwake nkosavuta: pukutani khoma ndi chikhatho, chikayera ndiye kuti liyenera kupalidwa ndi bulashi ya waya, kutsukidwa, kuuma, nkupakidwa penti yoyambira. Khoma la pulasitala watsopano lidikire masabata 4. Lita imodzi ya kirimu imakwana kupaka chikwangwani chimodzi kawiri, ndipo theka la lita ya khofi limatsalako. Pakati pa kupaka koyamba ndi kwachiwiri tikusiya tsiku lathunthu, ndipo kukakhala nkhungu ndi mvula yowaza ya kuno, masiku awiri. Mukafulumira penti yapansi imakwinyika. Mzere wapansi wa chikwangwani uyambire masentimita 90 kuchokera pansi, chifukwa madzi ogwa kuchokera ku malata amathovutsira matope ofiira pa khoma, ndipo pa kirimu amaoneka kwambiri.

Matumba onyamulira, omwe mumalowa mapaketi 40 a magalamu 250, tikuwalemba ndi sitensulo yodulidwa pa lata. Dzinali latithandiza apa, chifukwa chilembo chokhala ndi chilumba mkati ndi A yekha. A aliyense ali ndi timilatho tiwiri ta mamilimita 5 togwira kachilumbako, pa zilembo za masentimita 8. Penti ipakidwe ndi siponji yofinyidwa, modinda. Bulashi imakankhira penti pansi pa lata, ndipo pa thumba lolukidwa imayenderera m'mizere mpaka H ndi K kuoneka ngati chilembo chimodzi.

Sabata 12

Chithunzi cha pa WhatsApp chimadulidwa mozungulira, ndipo dzina lonse silikwanamo: kunatsala AKHUT. Pamenepo taika bakuli lokha. Polipira pa foni, wogula amaona dzina la kampani lomwe silifanana ndi la pa paketi, ndipo eni magolosale awiri anaimitsa kulipira poopa kuti akutumiza kwa munthu wolakwika. Pa risiti ndi pa thumba tawonjezera mzere wonena dzina lomwe lioneke pa foni.

Zomwe zatsekedwa: dzina, bakuli lachinayi, mitundu iwiri, mzere wozungulira, pepala la mabokosi ndi sitensulo. Khoma la ku Mpamba lapalidwa ndipo lipakidwanso sabata ya mawa kukacha bwino. Mapaketi 20 taaika pa windo loyang'ana dzuwa ndi ena 20 m'kabati, kuti pakatha masabata 6 tiyerekeze kusuluka kwa inki. Mapaketi osindikizidwa pa pulasitiki penipeni, omwe amafuna puleti yakeyake pa mtundu uliwonse ndi oda yaikulu, adikira yankho la kafukufuku wa dzina m'gulu 30. Likabwera loti dzinali lili ndi mwini, bakuli, mitundu ndi mzere zikhala momwemo, ndipo tibwerera ku Ekwendeni ndi mayina ena atatu.